Uthenga wa 6 koloko m'mawa: kodi furiji ya katemera iziuza chiyani foni yanu?

Kachipangizo koyezera kuzizira kwa furiji ya katemera sikagona. Kakamayeza pa mphindi 10 zilizonse, tsiku limodzi kamalemba manambala 144. Pachipatala pakakhala mafuriji atatu, manambalawo amafika 432. Koma mlangizi wa zaumoyo amene akumangirira bokosi la katemera panjinga kuti apite ku sikelo ya kumudzi alibe nthawi yowerenga manambala 432. Amangosuzumira pafoni kamodzi n'kuibwezera m'thumba. Ntchito ya munthu wolemba pulogalamu yoyang'anira mafurijiwo ili pamenepo: kufinya manambala onsewo kuti atuluke mizere itatu kapena inayi imene ingauze mlangiziyo ngati pali chofunika kuchita lero.

Ntchitoyi imaoneka yaing'ono, n'chifukwa chake ambiri amaisiyira kumapeto, pulogalamu yonse itatha. Komatu zonse zimene makinawo agwira usiku wonse zimafika kwa munthu kudzera pa mizere imeneyi basi.

Malamulo a kasungidwe ka katemera ndi odziwika. Katemera wambiri amayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatentha mphamvu yake imachepa pang'onopang'ono, ndipo siibwereranso. Kuzizira kopitirira muyeso n'koopsa kwambiri kwa katemera wina, monga wa kafumbata ndi uja wophatikiza matenda asanu amene makanda amabayidwa pantchafu: akangouma ngati ayezi, wawonongeka, ngakhale atasungunuka n'kumaoneka bwinobwino m'kabotolo. Pa chifukwa ichi, tizipangizo tovomerezeka ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, monga ka Fridge-tag, timachenjeza pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi pamene furiji yakhala pamwamba pa madigiri 8 kwa maola 10 otsatizana. Chachiwiri ndi pamene yatsika kufika theka la digiri pansi pa ziro kwa ola limodzi lathunthu.

Chenjezo lotere si lipoti la tsiku ndi tsiku, ndipo ziwirizi zisasokonezedwe. Mlonda akaona wakuba amaliza wezulo pompo, sadikira kuti kuche. Koma kukacha amauzanso abwana mofatsa kuti loko ya kuseri yayamba kuvuta. Chenjezo ndi wezulo uja. Limabwera nthawi iliyonse, ngakhale pakati pa usiku, ndipo limafuna kuti munthu adzuke. Lipoti la m'mawa limanena zimene sizinafike podzutsa munthu koma zikufunika maso. Furiji imene yatentha kwa maola anayi okha siliza chenjezo la maola 10 lija. Ngati lipoti la m'mawa silinena za maola anayiwo, palibenso china chimene chingawanene.

Tiyerekeze chipatala chaching'ono chakumudzi ku Chigwa cha Shire, mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa limaotcha kupitirira madigiri 40. Pali mafuriji atatu, aliyonse ali ndi kachipangizo kake, ndipo kakompyuta kakang'ono kamasonkhanitsa miyezo n'kutumiza uthenga 6 koloko m'mawa. Wolemba pulogalamu amene sanakhalepo pachipatala amatha kutulutsa uthenga wonga uwu:

```
STATUS OK. F1 avg=5.1 F2 avg=6.4 F3 avg=4.0 n=144/144/61 batt=3.9 rssi=-87 job=done
```

Nambala iliyonse mu uthengawu ndi yoona. Koma uthenga wonse ukunama.

Tiyambe ndi furiji yachiwiri. Nambala ya 6.4 ndi ya pakatikati, yopezeka pophatikiza miyezo yonse n'kuigawa ndi 144, ndipo ili pakati pa 2 ndi 8, choncho pulogalamu yati zili bwino. Koma zimene zinachitika n'zakuti furijiyo inakhala pa madigiri 5.5 kwa maola 20, kenako masana magetsi atathima inakwera n'kukhala cha m'ma 11 kwa maola anayi. Werengetsani nokha: maola 20 a 5.5 ndi maola anayi a 10.9, pakatikati pake ndi 6.4 yemweyo. Katemera samva za pakatikati. Chimene chimamukhudza ndi pamene kutentha kunafika ndi kutalika kwa nthawi imene kunakhala pamenepo. Choncho manambala oyenera kulowa mu uthenga ndi wokwera kwambiri, wotsika kwambiri, ndi maola amene furiji inakhala kunja kwa malire.

Furiji yachitatu ndiye yoopsa koposa. Nambala yake, 4.0, ndi yokongola zedi. Koma chapakati pa uthengawo pabisala 61. Kachipangizo kameneka kanatumiza miyezo 61 yokha mwa 144, kutanthauza kuti kanayamba 6 koloko m'mawa dzulo n'kusiya 4 koloko madzulo. Kwa maola 14 palibe amene akudziwa zimene zachitika m'furijimo. Mwina waya waduka, mwina batire la kachipangizoko latha, mwina wina anazula pulagi kuti atchaje foni. Pulogalamu yatenga miyezo yakale, yaipeza ili bwino, n'kulemba OK. Kusowa kwa muyezo yakusandutsa nkhani yabwino.

Nanga "batt" ndi "rssi"? Izo ndi mphamvu ya batire la kachipangizo ndi mphamvu ya netiweki. Katswiri wokonza makina angazifune tsiku lina, koma mlangizi wa zaumoyo sangachite nazo kanthu. Malo ake ndi m'kaundula wa pakompyuta. Zilowe mu uthenga pokhapokha batirelo litatsala pang'ono kutha, ndipo zilembedwe m'mawu oti munthu amve: "batire la F2 latsala pang'ono, sinthani".

Pomaliza pali mawu oti "job=done". Mawuwa akungonena kuti pulogalamu yathamanga mpaka kumapeto, osati kuti mafuriji ali bwino. Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera pa 28 Malichi 1979 pa siteshoni yopanga magetsi a nyukiliya ya Three Mile Island ku Pennsylvania, m'dziko la America. Valavu ina yotulutsa mphamvu ya nthunzi inakanirira chitsegukire, madzi oziziritsa n'kumathawa kwa maola oposa awiri. Kagetsi ka m'chipinda choyendetsera makina kanapangitsa ogwira ntchito kukhulupirira kuti valavuyo yatsekeka, pamene kwenikweni kamangosonyeza kuti lamulo loti itsekeke laperekedwa. Furiji ya katemera si siteshoni ya nyukiliya, koma msampha wake ndi womwewo: uthenga uzinena zimene zaonedwa, osati zimene makina analamulidwa kuchita.

Tsopano taonani tsiku lomwelo, miyezo yomweyo, italembedwa ndi munthu amene akuganizira wowerenga:

```
ONANI 2 mwa 3, 14/10 06:00
F3: palibe muyezo kuyambira 16:00 dzulo. Yezani pamanja.
F2: 11.6C, maola 4 pamwamba pa 8C; pano 5.4C.
F1: bwino, 3.8-6.2C.
```

Mzere woyamba ndi umene wanyamula katundu yense. Mafoni ambiri akakhala okiya amaonetsa mzere umodzi kapena iwiri ya uthenga, zotsalazo amazidula. Choncho chigamulo chizikhala mawu oyamba enieni. Sipafunika moni, dzina la pulogalamu, kapena mawu oti "Lipoti la tsiku ndi tsiku", chifukwa wolandirayo akudziwa kale kuti ndi lipoti. Mawu a chigamulo akhale ochepa ndipo asamasinthesinthe. Atatu ndi okwanira: ZONSE BWINO, ONANI, ndi CHITANI TSOPANO. Pakatha sabata ziwiri diso limazolowera, moti munthu amadziwa mmene kwachera asanatsegule uthengawo.

"2 mwa 3" ikunena zinthu ziwiri pakamodzi: mafuriji ovuta ndi angati, ndiponso oyang'aniridwa onse ndi angati. Tsiku lina uthenga ukadzati "2 mwa 2", mlangizi adzafunsa kuti furiji yachitatu yapita kuti. Deti ndi nthawi nazo si zokongoletsera. Kumadera kumene netiweki imabwera n'kupita, uthenga wa dzulo ukhoza kulowa lero masana, ndipo popanda deti munthu angauwerenge ngati wa lero.

Mizere yotsatira yasanjidwa motengera kuopsa, osati motsatira manambala a mafuriji. F3 yabwera poyamba chifukwa za iyo palibe chodziwika, ndipo mzere wake watha ndi chochita: yezani pamanja. Mlangiziyo atsegula furiji, aona muyezo wa m'katimo, alemba pa tchati chija chimene amalemba m'mawa ndi madzulo. Mzere wa F2 wanena pamene kutentha kunafika, nthawi yake, ndi mmene zilili pano. Mawu oti "pano 5.4C" ndi amene akumuuza kuti safunika kuthamangira kusamutsa katemera, koma afufuze chimene chinachitika dzulo masana. F1 yangopatsidwa mawu ochepa. Chabwino sichifuna kufotokozedwa kwambiri. Ndipo mayina a F1, F2 ndi F3 akhale omwewo amene amatidwa pazitseko za mafurijiwo. Ngati ogwira ntchito amati "ya ku matenite" ndi "ya sola", uthenga nawonso uzitero.

Uthenga wonsewu uli ndi zilembo 150, kuwerengera mipata yomwe. Nambala imeneyi si ya mwangozi. Meseji imodzi ya SMS imanyamula zilembo 160, malire amene anakhazikitsidwa m'ma 1980 pamene akatswiri a ku Ulaya, mmodzi mwa iwo Friedhelm Hillebrand wa ku Germany, ankakonza ndondomeko ya GSM. Uthenga ukapitirira pamenepo umaduka m'zigawo za zilembo 153 chilichonse, ndipo chigawo chilichonse chimalipiridwa pachokha.

Apa pali mbuna imene olemba m'Chichewa amagweramo kawirikawiri. Zilembo 160 zija zimatheka pokhapokha chilembo chilichonse chili m'gulu la zilembo za GSM. Mukangolowa chilembo chimodzi chachilendo, uthenga wonse umasinthidwa kalembedwe ndipo malire amatsika kufika pa 70, kapena 67 pa chigawo chilichonse ukaduka. Chilembo cha ŵ, chokhala ndi kadenga chija, sichili m'gululo. Kachizindikiro ka madigiri, °, nakonso kulibe, n'chifukwa chake uthenga wathu walemba 5.4C chabe. Tizithunzi ta nkhope zoseka ndi tizizindikiro tobiriwira tochongera n'chimodzimodzi. Ndiye pali kachizindikiro ka m'mawu ngati m'mawa ndi ng'ombe: kowongoka kali m'gululo, koma kopindika, kamene mapulogalamu olembera makalata amaika okha, kulibe. Munthu akalemba uthenga wake mu Word n'kuukopera m'pulogalamu, meseji imodzi ya zilembo 150 imasanduka zigawo zitatu, ndipo bilu ya pamwezi imachulukanso katatu. Otumiza kudzera pa WhatsApp, Telegram kapena ntfy alibe malire amenewa, komabe maso a wowerenga sanakule, ndipo ndi bwino kumadziletsa ngati kuti malirewo alipo.

Funso limene anthu amakangana nalo ndi ili: tsiku limene zonse zili bwino, n'kutumiziranji uthenga? Ena amati kungokhala chete n'kokwanira, palibe nkhani ndiye kuti kuli mtendere. Kampani ya GitLab, imene imasungira anthu mapulogalamu awo pa intaneti, inaphunzira mowawa kuti sizili choncho. Pa 31 Januwale 2017 katswiri wawo wina anafufuta mwangozi nkhokwe yaikulu ya deta, pafupifupi magigabaiti 300. Atathamangira ku makope osungidwa amene amayenera kupangidwa tsiku lililonse, anapeza malowo ali mbee. Pulogalamu yokopera, `pg_dump`, inali ya mtundu wa 9.2 pamene nkhokweyo inali ya 9.6, choncho inkalephera. Makinawo ankatumiza maimelo onena za kulepherako, koma seva yolandira makalata inkawakana chifukwa sanali otsimikizidwa mwa ndondomeko yotchedwa DMARC. Palibe amene ankalandira kanthu, ndiye aliyense ankaganiza kuti zonse zili bwino. Anapulumukira pa kope lina limene linatengedwa maola asanu ndi limodzi ngoziyo isanachitike, ndipo ntchito ya maola amenewo inatayika. Kampaniyo inafotokoza yokha zonsezi poyera.

Dongosolo lolankhula pakavuta pokha lili ndi chilema ichi: kukhala chete kwa mtendere ndi kukhala chete kwa makina akufa zimamveka mofanana. Uthenga wobwera tsiku lililonse pa ola lomwelo umathetsa vutolo, chifukwa ukapanda kubwera, kusabwerako ndi nkhani. Koma ukhale waufupi kwambiri:

```
ZONSE BWINO 3 mwa 3, 15/10 06:00. Wotsika 3.6C (F3), wokwera 6.5C (F2). Miyezo 432 mwa 432.
```

Mawu oti "432 mwa 432" ndi umboni woti BWINO ameneyu wachokera pa miyezo yathunthu. Pulogalamu isaloledwe kulemba ZONSE BWINO ngati miyezo yaperewera kwambiri kapena ngati muyezo womaliza ndi wakale kupitirira theka la ola. Manambala awiri enawo amasintha tsiku ndi tsiku, ndipo kusinthako kumathandiza kuti uthengawo usasanduke nyimbo yoloweza imene diso limangodutsapo.

Tinene zoona, kudalira munthu kuti azindikire uthenga umene sunabwere n'kudalira zambiri. Lolemba lotanganidwa, ndani angakumbukire kuti foni sinalire 6 koloko? N'chifukwa chake akatswiri amaika mlonda wachiwiri kunja kwa chipatala. Pali mautumiki monga Healthchecks.io amene amangodikira kuti kakompyuta kaja kawagogodere kakatha ntchito yake. Kakapanda kugogoda pa nthawi yoikika, iwo ndi amene amatumiza uthenga woti lipoti silinatuluke.

Nthawi yotumizira nayo ili ndi mbuna yake. Pa makompyuta a Linux ntchito zobwerezabwereza zimaikidwa m'ndandanda ya `cron`, ndipo mzere wotumiza lipoti 6 koloko m'mawa uliwonse umaoneka motere:

```
0 6 * * * /home/pi/lipoti.sh
```

Koma `cron` amatsatira wotchi ya kompyutayo. Maseva ambiri obwereka pa intaneti amayendera nthawi ya UTC, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Pa seva yotere uthengawo ufika 8 koloko, mlangizi atapalasa kale njinga ndi katemera wa m'furiji imene bwenzi atayamba waiyeza. Ola loyenera ndi limene munthu akadali ndi mpata wosintha zochita zake za tsikulo, ndipo nthawi zonse zolembedwa m'uthengamo zikhale za wotchi ya kwawo.

Pali chinthu chimodzi chimene lipoti la tsiku ndi tsiku limachita bwino kuposa chenjezo lililonse, ndicho kuona kumene zinthu zikulowera. Tinene kuti muyezo wotsika wa F1 unali 3.8 Lolemba, 3.1 Lachiwiri, ndi 2.4 Lachitatu. Palibe malire amene aphwanyidwa. Koma furiji imeneyi ikutsetserekera ku ayezi, mwina chifukwa wina anapotoza kachitsulo kochepetsera ndi kuwonjezera kuzizira poopa kutentha kwa Okutobala. Pulogalamu yoyerekeza lero ndi masiku apitawo ikhoza kulemba mzere umodzi: "F1 ikutsika masiku 3: 3.8, 3.1, 2.4". Umenewu ndi mzere wopulumutsa katemera, chifukwa wabwera vuto lisanachitike.

Vuto likakhalitsa, uthenga usalibwereze ngati lachilendo. Ngati F3 sinakonzedwe, mawa lilembedwe kuti "F3: palibe muyezo, tsiku lachiwiri", mkuja "tsiku lachitatu". Nambala yokwerayo imasonyeza kuti nkhaniyi yagona, ndipo pulogalamu ikhoza kukonzedwa kuti likafika tsiku lachitatu, uthenga uzipitanso kwa woyang'anira mafuriji a katemera ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Iyeyo asalandire uthenga wofanana ndi wa mlangizi. Munthu woyang'anira zipatala 30 akamalandira mameseji 30 m'mawa uliwonse, pakutha pa mwezi amakhala atatseka kulira kwake. Wake ukhale umodzi: zipatala zingati zili bwino, zingati sizinatumize kanthu, ndi mayina a zovuta zokhazo. Zikachuluka kuposa malo, atchulidwe atatu oopsa kwambiri, kenako "ndi zina 4".

Zoyenera kusiyidwa kunja n'zosavuta kuzitchula. Foni imagona patebulo, imabwerekedwa, imatchajidwa pa okala ya mnzako, ndipo uthenga wa pagalasi lokiya aliyense amauwerenga. Mawu achinsinsi olowera m'makina ndi mayina a odwala asalowemo. Ogwiritsa ntchito seva yaulere ya ntfy adziwenso kuti aliyense wodziwa dzina la mutu wawo akhoza kuwerenga mauthenga awo, choncho dzinalo likhale lovuta kulota. Mauthenga aatali a zolakwika amene kompyuta imalavula m'Chingerezi nawo akhale m'kaundula. Pafoni pangofika mawu oti "pulogalamu yalephera kuwerenga F2".

Uthenga usanayambe kudaliridwa uyenera kuyesedwa, ndipo mayeso ake safuna katswiri. Woyamba ndi wa maso: mlangizi amene sanauonepo apatsidwe foniyo kwa kanthawi kochepa, ailandidwe, kenako afunsidwe kuti lero achita chiyani. Akayamba kufunsa kuti "rssi" n'chiyani, mzere umenewo uchoke. Wachiwiri ndi wa manja. Madzulo ena kachipangizo kamodzi kazulidwe dala, ndipo m'mawa mwake uthenga uyenera kuyamba ndi ONANI n'kutchula ola limene kanasiya kuyeza. Tsiku lina katulutsidwe m'furiji n'kuikidwa pawindo kwa maola awiri, kuti zioneke ngati maola awiriwo atuluka mu lipoti. Pomaliza kakompyuta kenikeniko kathimitsidwe usiku wonse, ndipo wina akhale ndi wotchi m'manja kuona ngati mlonda wakunja uja atumize uthenga wake, kwa yani, ndiponso pakadutsa mphindi zingati kuchokera 6 koloko.